Chithunzi ndi Mutu: Zomwe Zimachititsa Wogula Kudina Vidiyo ya Malonda

YouTube imawerenga kuti munthu waona chikuto cha vidiyo ngati theka la kachithunzi kake, kapena kuposa pamenepo, laonekera pasikirini kwa nthawi yopitirira sekondi imodzi. Muyeso umenewu ukusonyeza kufupika kwa mpata womwe wamalonda ali nawo. Akhoza kutha sabata yonse akujambula vidiyo yoonetsa mbaula, nsapato kapena nyale ya sola, koma munthu amene akutsitsa chala pafoni saona chilichonse mwa ntchito imeneyo. Amaona kachithunzi kamodzi ndi mzere umodzi kapena iwiri ya mawu, ndipo pa zimenezo amasankha kudina kapena kupitirira.

Kuno kwathu pali chinanso chomwe chimaumitsa mtima wa woonera, ndicho bandulo. Munthu amene akusunga mamegabaiti ake kuti amufikitse kumapeto kwa sabata sadina vidiyo mwachisawawa. Asanadine amafuna kudziwa chomwe apezemo.

Kachithunzi ndi mutu ndi lonjezo limodzi logawidwa pawiri. Ntchito ya wamalonda ndi kupeza lonjezo lenileni lomwe katundu wake angathe kukwaniritsa, kuliika m'njira yooneka bwino pafoni yaing'ono, kenaka kulikwaniritsa vidiyo ikangoyamba.

Funso lomwe wogula ali nalo kale

M'chaka cha 2006 kampani ya Blendtec ya ku Utah, m'dziko la Amereka, yomwe imapanga makina opera zipatso ndi zakudya, idayamba kuika mavidiyo aafupi pa YouTube. Mwini kampaniyo, Tom Dickson, ankavala jasi loyera la mulabotale n'kumaponya m'makinawo zinthu zomwe munthu wanzeru zake sangaponyemo: timipira tagalasi, mipira ya gofu, mpini wa chokokolera zinyalala. Mu 2007 adaperamo foni ya iPhone, yomwe inali itangotuluka kumene, mpaka idasanduka fumbi lakuda. Mavidiyo onsewo anali ndi mutu umodzi, "Will It Blend?", womwe ukufunsa ngati chinthucho chiperekadi, ndipo pambuyo pake pamabwera dzina la chinthu cha tsikulo. Anthu mamiliyoni ambiri adaonera.

Chinsinsi chake sichinali kuwononga mafoni ayi. Aliyense wofuna kugula makina otere amakhala ndi funso limodzi mumtima: kodi ndi amphamvu? Kampaniyo sidalembe kuti makina ake ndi amphamvu, popeza wogulitsa aliyense amanena choncho. Idasandutsa funso la wogula kukhala mayeso ooneka ndi maso, ndipo mutu udangonena mayesowo.

Chitsanzo china ndi cha Derek Muller, mwini tchanelo cha sayansi cha Veritasium. Mu 2015 adaika vidiyo ya mpira wa basiketibolo ukuponyedwa kuchokera pamwamba pa damu la Gordon ku Tasmania, ndipo chifukwa choti udaponyedwa mozunguza, udauluka n'kukagwera kutali modabwitsa. Iye adaipatsa mutu wa m'kalasi, wotchula dzina la lamulo la sayansi lomwe limachititsa zimenezo. Mutu umenewo sunkauza munthu wamba chomwe aone. Pambuyo pake adausintha kuti unene poyera kuti mpira wozungulira ukuuluka kuchokera pa damu, ndipo mu 2021 adapanga vidiyo yonse yofotokoza zomwe adaphunzira pa nkhani ya mitu ndi zithunzi. Phunziro lake likukhudza wamalonda aliyense: mwini katundu amakonda kulemba mutu m'mawu a odziwa kale, pomwe wogula amafuna kumva chomwe maso ake aone.

Nyale imodzi, zikuto zitatu

Tiyerekeze mayi wina wa ku Lilongwe amene amagulitsa nyale za sola zowerengera. Manambala onse a m'chitsanzochi ndi ongoyerekeza, koma kawerengedwe kake ndi kenikeni. Mayiyu wajambula vidiyo ya mphindi zinayi. Watchaja nyale padzuwa tsiku lonse, waiyatsa 6 koloko madzulo, ndipo yayaka mpaka 3 koloko m'bandakucha, kutanthauza maola 9.

Chikuto chake choyamba ndi chomwe ambiri amayamba nacho. Chithunzi ndi katoni ya nyaleyo patebulo, pambali pali dzina la shopu, nambala ya foni ndi mtengo, zonse m'tizilembo ting'onoting'ono. Mutu ukuti "Katundu watsopano wafika! Nyale zabwino zotsika mtengo, bwerani mudzagule". Palibe bodza lililonse pamenepa, koma palibenso chifukwa choti munthu adine. Mutuwo ukunena za chisangalalo cha wogulitsa, ndipo ungakwanire pa nyale, pa ndowa kapena pa zitenje mofanana. Mawu oti sola, omwe wofufuza angalembe, mulibemo.

Asanalembe mutu wachiwiri, mayiyu akuyenera kukumbukira zomwe makasitomala amamufunsa pashopu. Kawirikawiri safunsa za mawati kapena mtundu wa batire. Amafunsa kuti, "Mayi, imeneyi imakhala maola angati?" Funso limenelo ndiye mutu: "Nyale ya sola: imayaka maola angati pa tchaji imodzi?" Uli ndi zilembo 53 kuwerengera mipata yomwe, dzina la katundu lili kumayambiriro, ndipo vidiyoyo ili ndi yankho lake.

Chithunzi chisabwereze mutu, chiwonjezere chomwe mutu wasiya. Mayiyu atenge chithunzi chomwe adajambula usiku uja: chipinda chamdima, nyale ikuwala pakope lotsegula, wotchi pambali pake ikuonetsa 02:00, ndipo pamwamba pali liwu limodzi lalikulu loti IKUYAKABE. Mutu wafunsa funso, chithunzi chapereka theka la yankho, ndipo theka linalo lili m'vidiyo. Munthu amene ali ndi mwana wokonzekera mayeso a Fomu 4 sakufunikanso kunyengereredwa.

Pali chikuto chachitatu chomwe chimakopa mtima wa wogulitsa aliyense. Chithunzi chake ndi nkhope yotsegula pakamwa modabwa, nyale yowalitsidwa ndi pulogalamu yosinthira zithunzi mpaka kuoneka ngati ikuwalitsa bwalo lonse, ndipo mutu ukuti "Simudzalipiranso magetsi mpaka kalekale!" Chimenechi chidzadinidwa kwambiri kuposa zinzake ziwiri. Vuto lake lioneka tikafika pa manambala.

Kupanga chithunzi chooneka pafoni

YouTube imalangiza kuti chithunzi cha pachikuto chikhale cha muyeso wa 16:9, ndipo m'lifupi chisachepere mapikiselo 640. Kuti munthu aloledwe kuika chithunzi chake, osati chomwe makina amusankhira kuchokera m'vidiyo, amayenera kutsimikiza tchanelo chake ndi nambala ya foni. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo kampaniyo idanenapo kuti mavidiyo 90 mwa 100 alionse omwe amachita bwino kwambiri amakhala ndi chithunzi chosankhidwa ndi mwini wake. Makina akasankha okha amatha kutenga kamphindi komwe wojambula watsinzina kapena katundu wabisika kuseri kwa dzanja.

Cholakwika chofala ndi kuweruza chithunzi pasikirini yaikulu. Palaputopu chilichonse chimaoneka bwino, koma woonera akhoza kukumana nacho pamndandanda wa zotsatira chili chaching'ono kwambiri. Mayeso ake ndi osavuta: kuchepetsa chithunzicho mpaka m'lifupi mwake mufike masentimita atatu kapena anayi, kuchionetsa kwa munthu amene sakudziwa za vidiyoyo kwa sekondi imodzi, kenaka kumufunsa chomwe waona. Akayankha kuti waona nyale mumdima, chithunzi chakhoza. Akayankha kuti waona zolembalemba, chalephera.

Chifukwa chake zinthu za pachithunzi zisapitirire zitatu. Pa nyale ija pali nyale, wotchi ndi liwu limodzi. Katundu azidzaza gawo lalikulu la chithunzi ndipo azioneka ali pa ntchito: mbaula ili ndi poto wowira, nsapato ili kuphazi m'matope, makina osokera akudutsa pansalu yokhuthala. Katoni yotseka siuza munthu kanthu. Kumbuyo kuzisiyana mtundu ndi katunduyo, chifukwa nyale yakuda patebulo lakuda imasowa, ndipo mawu ofiira pa chitenje chamaluwamaluwa sawerengeka. Zilembo zikhale zokhuthala, zoyera kapena zachikasu pamalo akuda, ndipo mawu asapitirire atatu kapena anayi.

Pakona ya pansi kudzanja lamanja pasaikidwe chilichonse chofunika, popeza YouTube imaikapo kabokosi koonetsa kutalika kwa vidiyo. Amalonda ambiri amaika mtengo pamalo omwewo, kabokosiko n'kuuphimba.

Nkhani ya mtengo pachithunzi imafuna kuganizira. Mtengo umakopa ngati ndiwo mphamvu ya malondawo, komanso umachotsa msanga anthu amene sangakwanitse. Koma vidiyo imakhala miyezi ndi zaka, pomwe mitengo ya katundu wochokera kunja imasintha kwacha ikagwa. Ubwino wake ndi woti chithunzi ndi mutu zimatha kusinthidwa nthawi iliyonse popanda kuchotsa vidiyoyo, choncho amene waika mtengo ayenera kukumbukira kubwerera n'kukaukonza. Nambala ya foni ndi dzina la shopu zikhale m'mawu ofotokozera pansi pa vidiyo. Munthu amene sanadine n'komwe sangaimbe foni.

Nanga nkhope? Maso a munthu amathamangira pankhope ya munthu mnzake, n'chifukwa chake eni matchanelo otchuka amaika nkhope zawo. Koma pa vidiyo ya malonda nkhope ya wogulitsa wosadziwika ikhoza kulanda malo a katundu. Imathandiza pamene ili mbali ya umboni, monga pa mafuta odzola, magalasi kapena mawigi, kapena pamene wogulitsayo makasitomala amamudziwa kale.

Mawu oyamba a mutu

Mutu wa vidiyo pa YouTube sungapitirire zilembo 100, koma m'malo ambiri pafoni umadulidwa usanafike kumapeto, n'kutsala timadontho titatu. Malo omwe umadukira amasiyana malinga ndi foni ndi tsamba, ndiye njira yotetezeka ndi kuika mawu ofunika kumayambiriro ndi kuyesetsa kuti mutu wonse usapitirire kwambiri zilembo 60. Wolemba m'Chichewa ayenera kusamala kwambiri, chifukwa liwu limodzi monga "sitingakukhumudwitseni" limadya zilembo zoposa 20 palokha. Moni, dzina la shopu ndi mawu oti "onerani mpaka kumapeto" zikakhala patsogolo, katundu weniweni amagwera kuseri kwa timadontho tija.

Mutu umadaliranso komwe woonera akuchokera. Wina amalemba yekha zomwe akufuna m'bokosi lofufuzira, ndipo ameneyu ndi wogula wokonzeka. Amafuna kuona dzina la katundu monga momwe walilembera, choncho ngati chinthucho chili ndi dzina la kampani ndi nambala ya mtundu wake, zilembedwe ndendende momwe ziliri pakatoni. Wina amangokumana ndi vidiyoyo patsamba loyamba kapena pambali pa vidiyo ina, asakufuna nyale konse. Ameneyu amakokedwa ndi funso kapena zotsatira zochititsa chidwi. Mutu wa mayi uja ukugwira onse awiri: mawu atatu oyamba ndi a wofufuza, funso lotsatira ndi la wongodutsa.

Pali mitundu ingapo ya mitu yomwe imagwira bwino pa malonda chifukwa iliyonse imalonjeza chinthu chimodzi choyezeka. Pali mayeso, monga a nyale aja. Pali kufanizira, monga mbaula yamakono ndi mbaula wamba, kuona yomwe imatha makala ochepa pophika nyemba. Palinso zotsatira za pakapita nthawi, monga momwe nsapato ikuonekera itavalidwa nyengo yonse ya dzinja. Mawu monga "zabwino zedi" ndi "zapamwamba" salonjeza chilichonse chomwe munthu angachione.

Zomwe manambala amanena

Mu YouTube Studio, pansi pa Analytics, pali gawo la Reach lomwe limaonetsa manambala awiri ofunika. Impressions ndi kuchuluka kwa nthawi zomwe chikuto chaonetsedwa kwa anthu, ndipo Impressions click-through rate ndi gawo la nthawi zimenezo lomwe linathera pa kudina. Chikuto chikaonetsedwa ka 4,000 anthu n'kudina ka 120, ndiye kuti gawolo ndi 3 peresenti. Malinga ndi YouTube, theka la matchanelo ndi mavidiyo onse limakhala pakati pa 2 ndi 10 peresenti.

Tsopano tiyerekeze kuti zikuto zitatu za nyale ija zaonetsedwa ka 4,000 chilichonse. Choyamba, cha katoni, chadinidwa ka 120, ndipo aliyense waonera pafupifupi mphindi ziwiri, zonse pamodzi mphindi 240. Chachiwiri, cha wotchi, chadinidwa ka 200, omwe ndi 5 peresenti, ndipo anthu aonera mphindi ziwiri ndi theka pofuna kudziwa nthawi yomwe nyale yazima, zonse pamodzi mphindi 500. Chachitatu, chokokomeza, chadinidwa ka 360, omwe ndi 9 peresenti, koma anthu atangoona kuti ndi kanyale ka patebulo atuluka patatha masekondi 30, zonse pamodzi mphindi 180.

Chikuto chomwe chapambana pa kudina ndicho chatsalira pa nthawi yoonera, ndipo nthawi yoonera ili ndi mphamvu. Kuyambira 2012 YouTube idasiya kudalira kuchuluka kwa kudina kokha posankha mavidiyo oti ionetse anthu, n'kuyamba kuyang'ana kwambiri nthawi yomwe anthu amakhala akuonera. Idachita zimenezi chifukwa cha mitu ndi zithunzi zonyenga. Zili ngati wogulitsa tomato amene amaika wabwino pamwamba pa mulu, wowola pansi: amagulitsa msanga tsiku loyamba, koma ogula omwewo mawa amamulambalala. Mu Disembala 2024 kampaniyo idalengeza kuti iyamba kuchotsa mavidiyo omwe mutu kapena chithunzi chake chimalonjeza zomwe mulibe, kuyambira ku India, makamaka pa nkhani zongochitika kumene. Ku Malawi, kutsatsa malonda monamiza ogula ndi nkhani yomwe bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, limalandira madandaulo ake.

Manambala awiriwa akawerengedwa limodzi amaloza pomwe pali vuto. Ngati anthu ochepa akudina koma odinawo akuonera nthawi yaitali, vidiyo ili bwino ndipo chofunika kusintha ndi chikuto. Ngati ambiri akudina koma mzere woonetsa otsala ukugwa kwambiri m'masekondi 30 oyamba, ndiye kuti lonjezo ndi vidiyo sizikugwirizana. Nthawi zina sikuti mutu wanama ayi, koma vidiyo yachedwa kufika pa nkhani. Mayi uja akayamba ndi moni wautali, mbiri ya shopu ndi pempho loti anthu atsatire tchanelo, woonera amene wabwera kudzaona nyale mumdima amatopa. Vidiyo iyambe ndi chomwe chili pachithunzi: nyale ikuyatsidwa, wotchi ikuonetsa 18:00.

Pali misampha iwiri powerenga. Woyamba ndi woti peresenti ya odina imatha kutsika pamene vidiyo ikuchita bwino. Poyamba imaonetsedwa kwa otsatira tchanelo, omwe amadina mosavuta, kenaka imafika kwa alendo ambirimbiri omwe sadina kwambiri. Vidiyo yomwe yatsika kuchoka pa 8 kufika pa 4 peresenti pomwe Impressions zakwera kakhumi siikufunika kusinthidwa. Wachiwiri ukukhudza kwambiri amalonda a kuno: anthu odina linki yotumizidwa pa WhatsApp kapena yoikidwa patsamba lina sawerengedwa m'manambala a Impressions. Amaoneka padera, pansi pa External. Wamalonda amene oonera ake ambiri amachokera m'magulu a WhatsApp akhoza kukhala ndi peresenti yochokera pa anthu ochepa kwambiri moti singamuuze zoona.

Kuyesa m'malo molota

Mu 2024 YouTube idapereka kwa eni matchanelo chida chotchedwa Test & Compare, chomwe chimalola kuika zithunzi mpaka zitatu pa vidiyo imodzi. Makina amazigawa kwa oonera osiyanasiyana pa nthawi imodzimodzi, ndipo mayeso amatha kutenga masiku angapo mpaka masabata awiri. Chopambana chimasankhidwa potengera gawo la nthawi yoonera lomwe chithunzi chabweretsa, osati kuchuluka kwa kudina. Pa mayeso otere chikuto cha wotchi chija chikanapambana. Tchanelo chikakhala chaching'ono, zotsatira zimatha kubwera popanda wopambana weniweni chifukwa oonera sanakwane.

Amene alibe chidachi akhoza kuyesa pamanja, koma asinthe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Akasintha chithunzi ndi mutu tsiku limodzi, sangadziwe chomwe chathandiza. Asiye chikuto chilichonse kwa sabata yathunthu, chifukwa oonera a Loweruka amasiyana ndi a Lachiwiri, ndipo asaweruze pa Impressions 200 zokha, pomwe anthu asanu odina mwangozi amatha kusintha peresenti yonse. Zithunzi zoyesedwazo zisiyane kwenikweni, monga nyale mumdima ndi nyale ili padzuwa ikutchaja, osati kungosintha mtundu wa zilembo.

Zonsezi zikukhudza kwambiri mavidiyo aatali a pa YouTube, komwe munthu amasankha yekha chodina. Pa TikTok, pa Shorts ndi m'mavidiyo ambiri a pa Facebook, vidiyo imangoyamba yokha munthu akafikapo, choncho ntchito ya chikuto imagwiridwa ndi masekondi awiri kapena atatu oyamba pamodzi ndi mawu olembedwa pamwamba pake. Mayi wa nyale uja akafuna kuika vidiyo yake kumeneko, aidule kuti ikhale yoimirira ya 9:16, ayambe ndi kamphindi ka wotchi ikuonetsa 02:00 nyale ikuyaka, ndipo funso la maola lilembedwe chapakati pa sikirini, kutali ndi m'munsi ndi kudzanja lamanja komwe mabatani ndi dzina la akaunti zimaphimba.